Kanta yathu ya ku Kapata ndi K10,000 imene tinakana kusenza

Bizinesi yathu ndi kanta imodzi ya matani atatu. Tinaigula ine ndi mayi a kunyumba titagulitsa golosale yathu ya ku Kapata, m'tauni ya Chipata. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti imakhalira pamsewu wa ku Lundazi ndi wa ku Chadiza, kututa soya, nshawa ndi chimanga kubwera nazo kumashedi a m'tauni. Mvula ikayamba, ntchito imachepa, timangodalira simenti, malata ndi fetereza, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale ndalama m'nyumba imasowa kwenikweni.

Lamulo la dziko lino la Zambia limafuna kuti motoka iliyonse ya pamsewu ikhale ndi inshuwaransi ya thedipate, yolipira anthu ena amene mwawavulaza. Imeneyo sikonza motoka yanu. Ife chuma chathu chonse chili pamatayala amenewa, choncho tinafuna kompulihensivu, yolipiranso kanta ikachita ngozi, ikapsa kapena ikabedwa. Buloka, mkhalapakati wa ogula inshuwaransi ndi makampani, amene tinapitako, mayi wina wachikulire wokhala ndi laisensi ya PIA, bungwe loyang'anira za inshuwaransi, anatiikira makoteshoni awiri patebulo, onse a kampani imodzi, pamtengo wa kanta wa K400,000. Yoyamba: pulimiyamu K16,000 pachaka, ekisesi K5,000. Yachiwiri: pulimiyamu K14,000, ekisesi K15,000.

Pulimiyamu ndi imene mumalipira chaka ndi chaka, kaya ngozi yachitika kaya ayi. Ekisesi, imene mapepala ena amaitcha didakitibo, ndi gawo loyamba la bilu limene limatsalira inu pangozi iliyonse, osati kamodzi pachaka. Garaja ikati K38,000 ndipo ekisesi yanu ndi K5,000, kampani ipereka K33,000. Garaja ikati K4,000, kampani sipereka kalikonse.

Maso anga anathamangira pa K14,000. Koma mayi a kunyumba, amene amasunga buku la ndalama, anafunsa kuti: "Amayi, ife tikusenza K10,000 yowonjezera, nanga bwanji iwo akutichotsera K2,000 yokha?" Buloka uja anatembenuza pepala n'kuyamba kulemba kumbuyo kwake. Manambala ake anali ongoyerekezera, koma kuyambira tsiku limenelo inshuwaransi ndimaiona mwa njira imeneyi.

Tinene kuti kampani ili ndi makanta 100 onga yathu. Pachaka, 30 agundidwa pang'ono, bampa kapena nyali, bilu ya K6,000 iliyonse. Ena 8 achita ngozi ya K50,000 iliyonse. Imodzi yatheratu, K400,000 yonse. Pa ekisesi ya K5,000, kampani ilipira K1,000 pa kangozi kakang'ono kalikonse, pamodzi K30,000. Pa zisanu ndi zitatu zija ilipira K360,000, ndipo pa yotheratu K395,000. Zonse ndi K785,000, kapena kuti K7,850 pa kanta imodzi. Tsopano kwezani ekisesi ifike K15,000. Tingozi ting'onoting'ono tonse tachoka m'manja mwa kampani, zapakati zatsika kufika K280,000, koma yotheratu ija idakali K385,000. Zonse ndi K665,000, K6,650 pa kanta imodzi. Kampani yapulumutsa K1,200 yokha pa motoka iliyonse, kuphatikizapo ntchito yotumiza asesa, munthu wokaona mmene motoka yawonongekera, ndi kulemba mafayilo 30 amene tsopano sabweranso. N'chifukwa chake kuchotsera kumathera cha pa K2,000.

Apa m'pamene ndinamvetsa kuti kampani siika mtengo pa kanta ngati mmene wogula amachitira. Imaika mtengo pa gawo la ngozi limene lidzagwere iyo: ngozi zimabwera kangati, ndipo zikabwera zimadya zingati pamwamba pa ekisesi. Ndalama yaikulu ili m'ngozi zazikulu zosachitikachitika, ndipo ekisesi siizikhudza kwenikweni. Chotsala pakati pa K7,850 ndi K16,000 chimapita kwa anthu ena amene kanta ingawavulaze kapena kuwaphwanyira katundu, ku komishoni ya buloka, malipiro a antchito, levi ya boma, inshuwaransi imene kampaniyo nayonso imagula kumakampani akuluakulu, ndi phindu lake. Anthu ena akamva zimenezi amati ndi kuba. Ine sindikuona choncho. Chaka chimene makanta atatu atheratu m'malo mwa imodzi, ndalama iyenera kupezeka ndithu.

Mafunso a pafomu nawonso anayamba kumveka. Amafunsa ngati motoka ndi yaganyu chifukwa kanta yonyamula katundu wa anthu imayenda mitunda yambiri kuposa ya pafamu. Amafunsa ngati imafika ku Lusaka chifukwa makilomita oposa 550 a Great East Road, ndi malo okhotakhota a ku Manenekera, si chimodzimodzi ndi kuzungulira m'tauni. Amafunsa zaka za dilaiva, ndipo mupolise yathu, pepala la pangano la inshuwaransi, muli ekisesi ina yowonjezera ngati woyendetsa sanakwanitse zaka 25. Mwana wa mlongo wanga ali ndi laisensi ndipo amayendetsa bwino, koma chiwongolero sindimpatsa kufikira atafika pamenepo. Kunama pafomu kuti motoka ndi yapanyumba kumatsitsadi pulimiyamu, koma tsiku la kileimu, lopempha kuti kampani ilipire, asesa akapeza matumba a soya a munthu wina kumbuyo, kampani ili ndi chifukwa chokanira kulipira.

Kusankha kwathu kunayenda motere. Ekisesi yaikulu ikanatisungira K2,000 pachaka, koma pangozi iliyonse yopitirira K15,000 tikanawonjezera K10,000 ya m'thumba. Kuti tipindule, kanta inafunika kutha zaka zoposa zisanu popanda ngozi yotero. Pamisewu imene timayenda, ya ng'ombe, ngolo zopanda nyali ndi njinga zosenza makala, sindikanalonjeza zimenezo. Mayi a kunyumba anawonjezapo china chimene sichinali papepala la buloka. Garaja situlutsa motoka ekisesi isanalipidwe. K5,000 tikhoza kuipeza m'sabata imodzi ngakhale mu Febuluwale. K15,000 ikanatipititsa kwa akaloba, kapena kanta ikanagona kugaraja uku makasitomala akupita kwa ena. Tinatenga ya K16,000. Mnzanga wina wa makanta asanu anasankha ekisesi yaikulu, ndipo kwa iye n'zoona, chifukwa amasunga K10,000 chaka chilichonse pamotoka zisanuzo ndipo imodzi ikaima zinayi zimagwirabe ntchito.

Bilu ya K38,000 ija si yongoyerekezera. Chaka chachiwiri dilaiva wathu anagunda ng'ombe chakumadzulo pafupi ndi Mtenguleni akuchokera ku Katete. Rediyeta inabooka, galasi lakutsogolo linasweka, chitseko chakumanzere chinapindika mpaka kukana kutseguka. Tinatenga lipoti la apolisi, tinadziwitsa kampani m'mawa mwake, asesa anabwera kudzajambula n'kuvomereza koteshoni ya garaja. Tinalipira K5,000 yathu, kanta inatuluka.

Pokonzanso polise chaka chotsatira, kuchotsera kumene amapatsa munthu wosapereka kileimu kunatichokera, ndipo pulimiyamu inakwera. Sichinali chilango. Kampani inali itaona kuti m'makanta 100 aja, yathu ingakhale m'gulu la ochita ngozi kawirikawiri. N'chifukwa chake bilu ikangopitirira ekisesi pang'ono, monga K6,500, timalipira tokha kukonzako ngakhale timawadziwitsa za ngoziyo monga polise imanenera, pakuti K1,500 imene tingalandire ndi yochepa poyerekeza ndi imene ingawonjezeke papulimiyamu. Mayi a kunyumba anatsegula akaunti yapadera ya pafoni yosungiramo ekisesi, ndipo soya akayamba kutuluka mu Meyi, K5,000 yoyamba imalowa mmenemo tisanagule ngakhale tayala.