Loweruka: rezisita imodzi ndi phokoso la tsiiii

Lero ndasweretsa tsiku pa kapuriampu, kachipangizo kokuza mawu a maikolofoni, ka mnzanga wina amene amajambula mawu a anthu akuwerenga. Anakamanga yekha potsatira chojambula cha sekiti, ndipo kamagwira ntchito. Vuto ndi lakuti akakweza voliyumu, kumbuyo kwa mawu kumamveka tsiiii, wosalekeza. Iye anali atagamula kale mlandu: "Achimwene, ndi chipu ya TL072 ya kumapetoyi. Ingoichotsani muike ina yabwino."

Ndisanagwire chilichonse ndinayamba ndamvetsera pa mahedifoni. Phokoso lochokera ku magetsi a m'nyumba limang'ung'uza pansipansi, ndipo limasintha ukasuntha waya kapena ukagwira bokosi. Ili silinasinthe. Ndinazula maikolofoni n'kulowetsa pulagi yomwe ndinamatiriramo rezisita ya 200 Ω, yofanana ndi koyilo ya maikolofoniyo. Tsiiii anali pomwepo. Ndiye kuti si chingwe, si chipinda. Phokoso likubadwira mkati mwa bolodi.

Phokoso la mtundu uwu limachokera ku kutentha. Ma elekitironi a mu rezisita iliyonse amanjenjemera mosalongosoka chifukwa cha kufunda kwa chinthucho, ngakhale musanalumikize batire, ndipo kunjenjemerako kumaoneka ngati kavoteji kakang'ono pa miyendo yake iwiri. John B. Johnson wa ku Bell Labs analiyeza, Harry Nyquist n'kufotokoza masamu ake, ndipo zolemba za onse awiri zinatuluka mu 1928. Masamuwo ndi aafupi:

```
vn = √(4·k·T·R·B)
k = 1.38 × 10^-23 J/K
```

vn ndi voteji ya phokoso, k ndi nambala yosasintha, T ndi kutentha mu makelivini, R ndi kukula kwa rezisita, B ndi kutambalala kwa mafirikwensi amene mukumvetsera. Ine sindiwerengera zonsezi nthawi iliyonse. Ndimangokumbukira kuti pa kutentha kwa m'chipinda, rezisita ya 1 kΩ imatulutsa pafupifupi 4 nV/√Hz, nambala imene mumachulukitsa ndi muzu wa B kuti mupeze voteji ya phokoso, ndipo mukaikuza rezisitayo ka 100 phokoso limakula ka 10 kokha.

Tinatenga pepala. Maikolofoni ya koyilo ya 200 Ω ili ndi phokoso lakelake la 1.8 nV/√Hz. Makutu a munthu amafika cha ku 20 kHz, choncho timachulukitsa ndi 141, muzu wa 20,000, n'kupeza pafupifupi 0.26 µV. Maikolofoni yake imapereka pafupifupi 0.2 mV munthu akamalankhula chapafupi, kutanthauza 200 µV. Mawu akuposa phokoso pafupifupi ka 770, omwe ndi madesibeli 58. Apa mpamene pali denga. Ngakhale mutapeza ampulifaya yopanda phokoso n'pang'ono pomwe, simungadutse 58 ndi maikolofoni imeneyi pa mawu amenewa. Chimene ampulifaya ingachite n'kungochotserako, ndiye funso ndi lakuti ichotsa angati.

Nditatsata mizere ya pa bolodi ndinaona pamene panagona nkhani. Siteji yoyamba ndi NE5532, chipu yabwino ndithu, ya phokoso la 5 nV/√Hz. Koma siginolo ya maikolofoni imalowera ku mwendo wa (−) kudzera mu rezisita ya 10 kΩ, ndipo ina ya 1 MΩ imabwerera kuchokera kotulukira, kuti mawu akule ka 100. Pa pepala la geni zonse zili bwino. Pa pepala la phokoso ayi. Rezisita ya 10 kΩ yakhala panjira yeniyeni ya siginolo, ndipo yokha imatulutsa 13 nV/√Hz, kuposa ka 7 phokoso la maikolofoni. Sizithera pomwepo. NE5532 ili ndi matiranzisita a mtundu umene umakoka karenti pa miyendo yolowera, ndipo karentiyo nayo ili ndi phokoso, pafupifupi 0.7 pA/√Hz. Ikadutsa mu 10 kΩ imasanduka 7 nV/√Hz ina.

Maphokoso osadalirana saphatikizidwa mwachindunji. Lililonse mumalichulukitsa ndi lokha, n'kuphatikiza, kenako n'kutenga muzu:

```
√(1.8² + 13² + 7² + 5²) ≈ 15.7 nV/√Hz
```

Pa 20 kHz imeneyi ndi 2.2 µV, ndipo mawu a 200 µV akuiposa ka 90 kokha, madesibeli 39. Madesibeli 19 atayika siginolo isanatuluke n'komwe mu siteji yoyamba. Kaphatikizidwe kameneka kamandisangalatsa chifukwa kamakuuza poyambira: wamkulu ndiye amalamula, ang'onoang'ono sawoneka. Mutachotsa 1.8 yense pa masamuwo, yankho silingasunthe kwenikweni.

Mnzanga sanagonje msanga pa nkhani ya TL072. Zoona, chipu imeneyo ili ndi phokoso la 18 nV/√Hz, kuposa NE5532 kutali. Koma pofika kwa iyo mawu amakhala atakula kale ka 100, pamodzi ndi phokoso lonse la kutsogolo. Kuti muone kulemera kwake, mumagawa 18 ndi 100, n'kupeza 0.18 nV/√Hz. Pambali pa 15.7 si kanthu. Harald Friis analemba lamulo limeneli mu 1944 pa nkhani ya mawailesi: phokoso la siteji yachiwiri limagawidwa ndi geni ya yoyamba. Madzi akadetsedwa ku chitsime, kusintha ndowa sikuwayeretsa.

Madzulo ndinagwira sodala. Ndinasamutsira siginolo ku mwendo wa (+), ndinaika 10 kΩ pakati pa kotulukira ndi mwendo wa (−), ndi 100 Ω kuchokera pa (−) kupita ku giraundi. Geni ndi 101, pafupifupi yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano chipu imaona pafupifupi 100 Ω basi kumbali imeneyo, phokoso la 1.3 nV/√Hz, ndipo karenti ija ilibenso rezisita yaikulu yoti idutsemo. Zonse pamodzi zikupereka 5.5 nV/√Hz, kapena 0.78 µV, ndipo mawu aposa phokoso ndi madesibeli 48. Ndinajambula chete wa pulagi ya 200 Ω pa kompyuta, ndisanasinthe ndi nditasintha, geni osaigwira, ndipo mzere wa phokoso unatsika mogwirizana ndi pepala. Mita wamba ya m'manja musaidalire pa ntchito iyi. Zambiri siziwerenga bwino mafirikwensi apamwamba, pomwe mbali yaikulu ya tsiiii ili komweko.

Mnzanga uja anandifunsa ngati kafani kangathandize, poti ndanena kuti gwero ndi kutentha. Funso labwino, koma T amawerengedwa kuyambira pa ziro weniweni wa makelivini. Kutsitsa kuchoka pa 300 K kufika pa 290 K kumachotsa phokoso losakwana maperesenti awiri, khutu silingamve. Amene amaziziritsa siteji yoyamba n'kupindula ndi a matelesikopu a wailesi, amene amatsikira ku makelivini ochepa kwambiri. B ndiye ali ndi phindu kwa ife: kudula mafirikwensi pa 10 kHz m'malo mwa 20 kHz kumachotsa madesibeli atatu, ngakhale mawu amataya kuwala pang'ono. Iye anakana, ndipo ndikumumvetsa. Njira ina yaulere ndi kusendeza pakamwa pafupi ndi maikolofoni: kuchepetsa mtunda ndi theka kumakuza mawu pafupifupi madesibeli 6, phokoso osakula.

Pakadali madesibeli 10 pakati pa 48 ndi denga lija, ndipo tsopano wolamula ndi chipu yeniyeniyo ndi 5 wake. Tinagwirizana zoitanitsa thiransifoma ya maikolofoni ya 1:5. Imakuza mawu ka 5 asanafike pa chipu, ndipo maikolofoni imaoneka ngati ya 5 kΩ, ya phokoso la 9 nV/√Hz. Pamenepo 5 wa NE5532 ndi 3.5 wa karenti akuwonjezera madesibeli osakwana awiri. Waya wa m'makoyilo a thiransifomayo nawo uli ndi R wake, choncho ndikuyembekeza cha m'ma 55, osati 56.