Ankapopera mankhwala a mphumu pomwe vuto linali valavu ya mtima

Eko, chithunzi cha mtima chojambulidwa ndi makina, tajambulitsa tsopano, koma mkwiyo sunandithere. Mlamu wanga wa ku Bangwe, wa zaka 24 komanso woyembekezera, wakhala akupopera salibutamo chifukwa pachipatala china anamuuza kuti befu wakeyo ndi mphumu. Ine ntchito yanga ndi yachipatala yomweyi, ndipo chikundiwawa n'choti palibe anamugoneka chakumanzere n'kumumvetsera mtima.

Vuto lake linali valavu ya mayitolo, kachitseko ka magazi komwe kali pakati pa chipinda cham'mwamba ndi cham'munsi kumanzere kwa mtima. Valavuyi imawonongeka mwanjira ziwiri: kuthina, komwe papepala la eko amalemba MS, ndi kubweza magazi m'mbuyo, komwe amalemba MR. Kuno kwathu gwero lake nthawi zambiri ndi zilonda zapakhosi za paubwana zomwe sizinalandire penisilini.

Atabwera kwathu akuti, "Alamu, usiku ndikugona chokhala," ndinaika chala pamtsempha wapakhosi pake, sitetosikopu kunsi kwa bere lakumanzere. Chalacho ndicho chimakuuza nthawi. Phokoso la MR limabwera limodzi ndi kugunda kwa mtsempha, lofwemphera ngati mpweya wotuluka m'tayala, ndipo umalitsatira mpaka m'khwapa. Limenelo savuta kulimva. La MS ndi lina: limabwera mtsempha utagunda kale, pamene mtima ukudzaza, ndipo ndi mkokomo wapansipansi womveka pamalo amodzi. Atakhala tsonga sindinamve kanthu kupatula kugunda koyamba kokweza kwambiri. Nditamugoneka chakumanzere, n'kugwiritsa mbali yaing'ono ya sitetosikopu osakanikiza, iye atatulutsa mpweya, ndinamva kakuthetheka ka valavu ikutseguka, kenaka mkokomo uja. Mugonekeni chakumanzere, chonde.

Tsiku lomwe linandipsetsa mtima ndi la eko. Tinalawirira, minibasi ya ku Limbe, ina yolowera m'tauni, munthu akupumira m'mwamba. Tinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, kenaka akuti bwerani tsiku lina. Chifukwa? Kalata yotitumiza inangoti mtima uli ndi phokoso, basi. Sinanene kuti ndi woyembekezera, sinanene kuti akukayikira valavu yothina, choncho anatiika kumapeto. Musachoke m'chipinda cha dokotala musanawerenge kalatayo. Ngati mawu amenewa mulibe, pemphani awalembe.

Ndibwerere ku salibutamo uja. Mankhwalawa amathamangitsa mtima, ndipo mtima ukathamanga nthawi yodzaza imafupika. Khomo likakhala lothina, magazi amasowa mpata wodutsira, amapanikizana m'chipinda cham'mwamba n'kubwerera m'mapapo. Mimba nayo imachulukitsa magazi ndi kufulumizitsa mtima, n'chifukwa chake amayi ambiri a MS amatulukira ali oyembekezera. Ena amatsokomola magazi n'kuyamba kuyezedwa makhololo. Wa MR yosabwera mwadzidzidzi, yoyamba pang'onopang'ono, amatha zaka akuyenda bwinobwino, kungodandaula kutopa, ndipo mimba amaipirira bwino kuposa mnzake wa MS.

Eko itatheka, woyeza anandilola kuima pambali. Khomo la valavu yabwino limakhala masikweya sentimita 4 mpaka 6 kukula kwake, ndipo likafika 1.5 kapena kucheperapo ndiye kuti lathina kwambiri. La mlamu wanga linali 1.2. Chipinda cham'mwamba chinali chotupa, koma cham'munsi chinali cha msinkhu wake. Apa ndi pamene matenda awiriwa amasiyanirana. Pa MS chipinda cham'mwamba chimakula chifukwa chokankha pakhomo lothina, magazi amazengereza m'menemo, ndipo amaundana mosavuta, makamaka mtima ukayamba kugunda mosalongosoka. Chibuluma chikathothoka n'kupita kumutu, ndiye sitiroko kwa mtsikana. Pa MR zipinda zonse ziwiri zimakula, chifukwa magazi omwewo amangopita n'kubwerera, ndipo nsonga ya mtima umaipeza itasunthira cha kukhwapa. Cham'mwamba chimatanuka pang'onopang'ono n'kumalandira magaziwo, ndiye mapapo amachedwa kudandaula pomwe cham'munsi chikufooka mwakachetechete. Ya mlamu wanga nsongayo inali pamalo pake, ikungogogoda pachala.

Panopa salibutamo anamusiyitsa. Akumwa mankhwala ochepetsa liwiro la mtima ndi okodzetsa, ndipo akubayitsa benzafini penisilini masabata anayi alionse. Wafarini, mankhwala oletsa magazi kuundana, sanamuyambitse chifukwa mtima ukugunda molongosoka, koma tamuuza kuti ukangoyamba kudumphadumpha asadikire tsiku la sikelo. Adzachirira kuchipatala chachikulu, osati kwina.

Zotsatira za eko pemphani azilembe m'buku lakuchipatala, manambala ake onse, chifukwa kapepala kamasowa ndipo mudzayambiranso pabenchi. Ndipo anzanga a ku sikelo, mayi woyembekezera akabwera ndi befu pomwe sanadwalepo mphumu chibadwire, musanamupatse chopopera mugonekeni chakumanzere.