Zithunzi ziwiri za ku Chilobwe zandiphunzitsa kusiya kudalira phiri lokha

Sabata ino kukalasi ya zojambula anatipatsa zithunzi ziwiri, china chakale china chojambulidwa Freddy atangodutsa mu Malichi 2023, funso nkumati kodi ndi malo amodzi? Zonse akuti ndi ku Chilobwe. Ine ndinangoona Soche kumbuyo nkuyankha kuti eya basi, koma aphunzitsi anandifunsa kuti nanga munthu ataima ku Chimwankhunda kapena ku Zingwangwa Soche samuona? Ndinangoti zii, chifukwa nzoonadi, phiri limangokuuza dera, silikuuza pomwe wojambula anaima.

Ndiye ndinayambiranso. Mitengo, penti, zikwangwani za mashopu ndi mipanda ya bulukutu ndinazisiya, izi zimasintha ngakhale kopanda chigumula, nanji pamalo pomwe matope ndi miyala zinakokolola nyumba, ndipo kunena zoona chithunzi chachiwiricho sichophweka kuchiyang'ana nthawi yaitali. Ndinasankha zitatu zomwe zili ponseponse: kampata kena pamsana pa phiri, tchalitchi cha mawindo 5 mbali imodzi, ndi polo ya magetsi yomwe ili pafupi ndi wojambula.

Apa mpomwe mutu unazungulira. Pachithunzi chakale poloyo ili kumanzere kwa kampata kaja, pachatsopano ili kumanja, ndiye ndinati aaa malo osiyana awa. Koma tayesani izi, tambasulani mkono muimike chala moloza chinthu chakutali, kenako muzitseka diso ili nkutsegula linalo, muona chala chikudumpha pomwe chakutalicho chili phee. Chapafupi chimasuntha kwambiri, ndipo ukasunthira kumanzere icho chimapita kumanja poyerekeza ndi chakumbuyo. Kutanthauza kuti wojambula wachiwiri anangoima chakumanzere pang'ono, mwina kutsidya kwa msewu. Tchalitchi chili patali, nchifukwa chake chinangosuntha pang'ono, koma kupita kumanja komweko. Chikanapita kumanzere polo ikupita kumanja, pamenepo ndikanakaikira zedi.

Kenako rula. Pachakale khoma la tchalitchi ndi masentimita 6 mulitali, 2 kupita mmwamba. Pachatsopano 9 ndi 3, zonse 3 kwa 1. Manambala akula chifukwa cha zumu, imene imakulitsa zonse pamodzi mpaka phiri kuoneka ngati lili kuseri kwa nyumba, koma siisintha kuti ichi chili kumanzere kwa icho. Muyeso umenewu umagwira pokhapokha khoma likuoneka molunjika pazithunzi zonse, ukaliona chammbali limafupika.

Mnzanga wina anapatsidwa zake zomwe zonse zinali zotembenuka, za kumanja zili kumanzere, anatsala pang'ono kukana kuti si malo amodzi mpaka anaona zilembo za pa minibasi zikuwerengeka chammbuyo, kamera yakutsogolo ya foni ija. Loweruka ndikufuna ndikwere ya ku Chilobwe ndikaime ndekha pomwe polo ikulunjika kampata kaja.