Tsiku limene ndinasamutsa chipsera cha agogo

Kwathu ku Nkhotakota ine ndi amene ndimatchedwa "wa makompyuta", chifukwa ndili ndi laputopu yosweka pakona ndipo ndimapangira anthu makadi a ukwati. Ndiye pamene banja linagwirizana zomanga chiliza cha agogo aamuna, azakhali anandiitana, nachotsa pakhoma chithunzi chimene chakhala pamenepo chibadwire ine.

"Mwana wa achimwene, chithunzichi uchikonze, chikakhale pa pulogalamu ya mwambowo. Uchigwire ngati dzira."

Chinali cha masentimita 20 kwa 25, chakuda ndi choyera koma chitasanduka chachikasu, agogo atavala jekete limene anabwera nalo ku Wenela. Chinyontho cha kunyanja kuno chinali chitalowa m'felemu, ndipo pakati penipeni pepala linali litamatirira ku galasi. Munthu wanzeru akaona zimenezi samatula kanthu, amajambula chithunzicho chili m'galasi momwemo. Ine ndinatenga mpeni wa patebulo, n'kunena kuti pang'onopang'ono. Ndinangomva kuti pwee. M'dzanja langa munatsala jekete, tayi, makutu awiri ndi chibwano. Pakati pa makutuwo panali pepala loyera mbee. Nkhope ya agogo inatsala pagalasi.

Galasilo ndinalitsamiritsa kuseri kwa kabati kuti lisandiyang'ane. Sindinauze munthu.

Usiku womwewo ndinalembera msuweni wanga wa ku Joni, amene ali ndi chithunzi china cha agogo, cha paukwati wa azakhali. Ananditumizira pa WhatsApp chimene anasikana kalekale: anthu 23 ataima mizere itatu, agogo ali mzere wakumbuyo. Pafoni chinkaoneka bwino ndithu. Nditachitsegula mu pulogalamu ya pakompyuta yokonzera zithunzi yotchedwa GIMP n'kuyeza, nkhope ya agogo inali timadontho 60 m'lifupi, timene timatchedwa mapikiselo. Bowo limene ndinasiya pachithunzi chachikulu linali masentimita 4, ndipo posikana pa 300 dpi, kutanthauza mapikiselo 300 pa inchi iliyonse, ndiye kuti mapikiselo pafupifupi 470. Nkhopeyo inayenera kukula kasanu ndi katatu.

Apa ndi pamene ndinadziwa kuti kukuza chithunzi kuli ngati kuthira madzi mu ndiwo alendo akachuluka. Mphika umadzaza, koma nsomba ndi zomwe zija. Kompyuta siidziwa kuti diso la agogo linali lotani, imangopaka pakati pa timadontho timene ilipeza. Choipa china, fayilo ya mtundu wa JPEG, ngati imene ananditumizirayi, imasunga chithunzi m'timabokosi ta mapikiselo 8 kwa 8, ndipo timabokosito tinakula limodzi ndi nkhope, kalikonse kufika theka la sentimita. Agogo anatuluka ngati awaluka ndi mlaza. Ndinayesa `Sharpen`, timabokosi tija n'kuonekera kwambiri, ngati njerwa za nyumba yosapaka pulasitala. Ndinabwerera, n'kuika `Gaussian Blur` pang'ono kuti mizere ife.

Zina ndinazichita bwino, ndisadzinyoze kwambiri. Ndinachotsa mtundu pazithunzi zonse ziwiri, ndinachepetsa `Opacity` ya nkhope kufika 50 kuti ndizionera pansi, n'kuikoka mpaka chibwano chake chitakhala pachibwano chakale. Ndi `Levels` ndinafananitsa kuda kwa nkhope ndi kwa khosi, chifukwa mukapanda kutero munthu amaoneka ngati wabwereka mutu. M'mphepete ndinafufuta ndi burashi yofewa pa `Layer Mask`. Kenako ndinaona kuti jekete lili ndi timchenga ta filimu yakale pomwe nkhope ili see ngati sopo, ndiye ndinaiwaza `HSV Noise` mpaka ziwirizo zitafanana. Mtundu wachikasu uja ndinaubwezera pomaliza, pachithunzi chonse nthawi imodzi.

Chinatsala ndi kuwala. Pachithunzi chakale kuwala kunkachokera kudzanja langa lamanja, moti mthunzi wa chibwano unagwera pakolala yakumanzere. Paukwati paja dzuwa linali mbali inayo. Nkhope ndi khosi zinkatsutsana ngati anthu olimbirana malire a munda. Nthawi inali itadutsa 1 koloko, udzudzu ukundiimbira, batire la laputopu likutha. Ndinadina `Flip Horizontally`. Mithunzi yonse inagwirizana nthawi yomweyo, ine n'kudziombera m'manja ndekha.

Loweruka banja linasonkhana pansi pa mtengo wa mango kuti lione. Ndinali nditasindikiza kope lalikulu. Amalume anagwedeza mutu, nati mwanayu sukulu sinapite pachabe. Azakhali anayang'ana nthawi yaitali, nati, "Akuoneka ngati iwo, komanso ngati mlendo." Kenako chinafika kwa agogo aakazi, amene maso awo timati anatha, ndipo ndalama ya pepala amaizindikira pofunsa ana. Anachiyandikitsa pamphuno, nachibweza kutali, nachiyandikitsanso.

"Ameneyu ndani?"

"Ndi agogo, agogo."

"Amuna anga chipsera chinali pansidze yakumanzere. Uyu chili kumanja."

Chipsera chimenecho tonse timachidziwa. Nkhafi inawamenya tsiku limene mwera unagubuduza bwato cha ku Chia, iwo n'kupulumutsa anzawo awiri. Nkhaniyi inanenedwa ngakhale pamaliro awo. Ine ndinayesa kuzemba, ndinati mwina ndi zaka, agogo, munthu amaiwala mbali.

"Ndiiwale bwanji? Ine si wamanzere. Anaima apa, ine apa, mthiko uli m'dzanja ili. Ukagwera kuti?"

Pansi pa mango panangoti zii. Amalume anatsokomola. Azakhali anafunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga bwato lija, amayi?"

"Bwato liti? Anabwera ku Wenela ndi jekete lokha. Ndalama anadyera ku Joni."

Anthu ataseka mpaka misozi, mlandu unabwerera kwa ine, ndipo ndinaulula zonse: mpeni, pepala loyera, nkhope yobwereka. Nkhope ya munthu siifanana mbali ziwiri. Chipsera, mzere wa tsitsi, diso limene limatsinzinako pang'ono, zonsezi zikasinthana malo, wachibale amamva kuti china chalakwika ngakhale asanadziwe kuti n'chiyani. Zimenezi n'zimene zinkawavuta azakhali. Njira yake inali kusiya nkhope mmene ilili, n'kukonza mithunzi pamanja ndi `Dodge / Burn`, kuyeretsa tsaya lina ndi kudetsa linalo pang'onopang'ono. Ndi ntchito ya ola lathunthu, ine ndinafuna ya sekondi imodzi. Ndiponso ndikanamuuza msuweni uja kuti asikanenso chithunzi chenichenicho pa 1200 dpi, n'kutumiza ngati `Document` kuti WhatsApp isachifinye. Nkhope ya mamilimita 6 ikanabwera ndi mapikiselo pafupifupi 280, yofunika kuikuza osakwana kawiri.

Ndili mkati mofotokoza zimenezi, mphwanga wa Fomu 2 anafunsa kuti, "Achimwene, nanga nkhope yeniyeni ija si ili pagalasi?"

Ndinangoti kakasi. Zoonadi, khungu la chithunzi likamatirira ku galasi, nkhope imaonekabe bwinobwino mukayang'ana kutsogolo kwa galasilo, yonse, kuwala kwake komwe, chipsera chili mbali yake. Kungoliika pamthunzi, pepala loyera kumbuyo, n'kulijambula ndi kamera molunjika, basi. Masiku atatu ndinkapempha mapikiselo 60 ku Joni, agogo ali kuseri kwa kabati yanga.

Ndinakwera kabaza osafunsa mtengo. Nditafika ndinapeza mayi a kunyumba ali pakhonde, beseni lili pambali, akupukuta manja pachitenje.

"Galasi lanu lija ndakutsukirani, bambo. Linali ndi chinthu chakuda chomata pakati, chovuta kuchoka. Ndachita kupala ndi mpeni."

Analinyamula kuti ndione. Linkawala zedi.