Mmene ndinalembera litirecha riviyu yanga ya ndale za mu Lusaka

Riviyu yanga yoyamba a lekichala anandibwezera ati iyi ndi ndandanda chabe. Ndipo sanalakwitse, ndinali nditangolemba kuti uje ananena izi, uje ananena izo, mapeji anayi, koma olembawo sanali kukambirana paliponse.

Ndiye ndinayambiranso ndi funso. Mutu wanga unali mavoti mu Zambia, waukulu kwambiri, ndinauchepetsa mpaka unakhala funso limodzi: n'chifukwa chiyani a Sata anakolola mavoti mu Lusaka mu 2006 chonsecho upulezidenti anatenga a Mwanawasa? Funso likakhala lotere umadziwa chowerenga ndi chosiya.

Pa Google Scholar ndinalemba `Zambia 2006 election populism` kenako `Zambia ethnic voting`, nkhani ikaoneka yothandiza ndimadina `Cited by` kuti ndione amene anaiyankha pambuyo pake, apo ndiye pamapezeka mkangano weniweni. Sindimawerenga zonse ayi, abusitirakiti, mawu oyamba ndi omaliza basi, zikagwirizana ndi funso langa ndiye ndimalowa mkati. Ndinatsala ndi nkhani 12.

Chomwe chinandiwombola ndi tebulo yomwe ndinajambula kumbuyo kwa kope, mizere inayi: wolemba ndi chaka, akuti chiyani, umboni wake ndi wotani, wasiya chiyani. Ndimadzaza ngakhale mu minibasi yopita ku Matero. Peji namba muzilemba pompo anzanga, kuifuna usiku wopereka pepa ndi chizunzo.

Nditaiyang'ana tebuloyo magulu awiri anaonekera okha. Posner, buku lake la 2005, akuti nthawi ya chipani chimodzi anthu ankayang'ana mtundu koma zipani zitachuluka mu 1991 anayamba kuyang'ana magulu akuluakulu a chilankhulo, monga Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi. Larmer ndi Fraser mu 2007, komanso Resnick mu 2014, iwo akuloza umphawi wa m'tauni, kuti a Sata ankalankhula za ntchito, misika ndi nyumba za m'makomboni. Palagalafu iliyonse ndinaiyamba ndi ganizo osati dzina la munthu, mayina amabwera pambuyo ngati mboni.

Apa samalani, ine poyamba ndinalemba ngati Posner akutsutsa enawo, koma buku lake linatuluka chisankho cha 2006 chisanachitike ndiye sangatsutse zomwe sanazione. Ndinakonza n'kunena kuti ganizo lake likufotokoza bwino mavoti a PF, chipani cha a Sata, ku Luapula koma likuvutika ku Kanyama ndi Chawama kumene mitundu yonse imakhalira pamodzi.

Palagalafu yomaliza ndinanena pomwe pepa yanga ikulowera, kuyerekeza zotsatira za makonsitichuwense a mu Lusaka mu 2006 ndi 2011. Kenako ndinatenga bolopeni yofiira, dzina lililonse la m'kati ndimalichonga ku mndandanda wa mabuku kumapeto, awiri anali atasowa.