Lachinayi: taitireshoni pa pepala limodzi

Lero kunja kuno ku Luwinga kwazizira, kamvula kakungowaza, ndiye nditatuluka m'kalasi ya m'mawa ndinangokhala pansi ndi buku la malangizo a mu labu. Lolemba tili ndi pulakitiko ya taitireshoni, njira yopezera mphamvu ya asidi pomuthira pang'onopang'ono mu NaOH ya mphamvu yodziwika, ndipo ikangotha aphunzitsi amafunsa mafunso apakamwa, aliyense payekha.

Bukuli limalongosola zambiri, koma munthu sungamatembenuze masamba pipeti ili m'manja. Ndinatenga pepala limodzi n'kulipinda pakati. Kumanzere ndinalemba zochita, mzere uliwonse ntchito imodzi ndi muyezo wake: yeza 25.0 cm³ ya NaOH ya 0.100 mol/dm³ ndi pipeti, thira mu fulasiki, dontheza fenofitalini madontho awiri kuti zisanduke za pinki, tsitsa asidi wa HCl kuchokera mu byureti mpaka pinki atazimiririka. Kumanja, moyang'anizana ndi mzere uliwonse, ndinalemba funso loti "chifukwa chiyani?" Mafunso apakamwa aja amachokera pamenepo, pa zinthu zimene buku limangolamula osapereka chifukwa.

Ndinachedwa kwambiri pa kutsuka. Byureti imatsukuluzidwa ndi asidi yemweyo, pipeti ndi NaOH, koma fulasiki ndi madzi otcheza okha. Mnzanga wa ku Chibavi atafika masana anakana. "Aise, madzi otsala mu fulasiki sasungunula NaOH?" Amasungunuladi, koma chiwerengero cha mamolo amene pipeti yathiramo sichisintha, choncho asidi wofunika ndi yemweyo. Madzi akatsala mu byureti ndiye vuto: asidi amafooka, umatsitsa wochuluka, ndipo yankho limatuluka lochepa kuposa lenileni. N'chimodzimodzi ndi mpweya wobisala kunsonga kwa byureti. Ukatuluka pakati pa ntchito, muyezo umaoneka waukulu pomwe asidi wina wangodzaza nsongayo, sanafike mu fulasiki.

Pansi pa pepala ndinaika chitsanzo chowerengera. Tiyerekeze kuti ulendo woyamba wapeza 25.10 cm³, kenaka 24.50 ndi 24.50. Woyambawo ndi wongofufuzira, suwerengedwa. Timatenga miyezo yosasiyana kupitirira 0.10 cm³. Mamolo a NaOH ndi 0.100 × 0.0250 = 0.00250. Poti HCl ndi NaOH zimakumana molo imodzi kwa imodzi, mphamvu ya asidi ndi 0.00250 ÷ 0.02450, yomwe ndi 0.102 mol/dm³. Apa mafunso ndalembapo awiri: chifukwa chiyani muyezo woyamba tautaya, ndipo 1:1 ameneyu wachokera kuti? Yankho la lachiwirili lili mu HCl + NaOH → NaCl + H₂O, ndipo ndikufuna ndizitha kuyilemba osayang'ana.

Madzulo tinafunsana mosinthana, wina ataphimba mbali ya kumanja. Mnzangayo anawonjezera funso limene ndalikonda: pepala loyera pansi pa fulasiki ndi lantchito yanji? Ndi loti uone msanga dontho limene lachotsa mtundu. Mawa tikajambulitsa pepalali m'tauni kuti anzathu a m'gulu apezeko lawo, kenaka ndiyamba la pulakitiko yotsatira.