Kutseka madzi pamene denga lakumana ndi khoma

Amalume anga ku Mufakose, mumzinda wa Harare, anawonjezera chipinda kumbuyo kwa nyumba, denga lake la malata n'kutsamira khoma lakale. Pokumanirapo womanga anangomatapo simenti. Simenti yotere sikhalitsa, chifukwa lata limafutukuka likatentha ndi dzuwa n'kubwerera usiku, pamene khoma limangokhala chilili. Pofika Disembala inali itang'aluka, madzi akutsika ndi khoma m'kati.

Ndinayamba ndi kugumula simenti yonseyo. Kenako ndinatenga pulayala n'kupindira m'mwamba mapeto a ngalande iliyonse ya lata kufupi ndi khoma. Ambiri amadumpha pamenepa, koma mphepo ya mkuntho imakankhira madzi chokwera, ndipo kampindiro kameneka ndi kamene kamawabweza.

Fulashing'i, lata lopinda lotchinga madzi pokumanirapo denga ndi khoma, ndinakapinditsa kwa amisiri a ku Siyaso, ku Mbare, pa lata losalala la mamilimita 0.5. Ndinapempha zidutswa za mitundu iwiri. Choyamba chimagona padenga masentimita 20 n'kuimirira kukhoma masentimita 15. Chachiwiri ndi chipewa chake, chimalowa m'khoma n'kulendewera pamwamba pa choyambacho. Amalume anadandaula. "Awiri onsewa ngachiyani, mphwanga? Ndalama zikuwawa." Ndinawayankha kuti, "Amalume, chapansichi chiziyenda ndi denga, chapamwambachi chikhale ndi khoma. Mukazimanga pamodzi, china ching'ambika."

Chapansicho ndinachimanga ndi masikuluwu okhala ndi labala, pamsana pa lata, osati m'ngalande modutsa madzi. Kukhoma sindinakhome kalikonse. Polumikiza zidutswa ndinazisanjikiza masentimita 15, n'kupaka silikoni pakati pake.

Ntchito yofuna mtima ndi ya mng'alu. Ndinasankha mzere wa simenti wa pakati pa njerwa, wongopitirira pang'ono pamene lata lathera, n'kuudula ndi girayinda kulowa masentimita awiri ndi theka. Musadule njerwa yeniyeniyo, ndipo musapitirire kuya kumeneku, makamaka ngati khoma ndi la njerwa imodzi. Fumbi lake ndi loopsa, valani magalasi ndi chotchinga mphuno. Mng'aluwo ndinausesa ndi bulashi mpaka kuyera, chifukwa pafumbi palibe chimene chimagwira. Mlomo wa chipewa, umene amisiri anaupinda ngati mbedza, ndinaulowetsa m'menemo, n'kuupanikiza ndi tizidutswa ta lata topindapinda, motalikirana ngati mkono. Ndinanyowetsa mng'aluwo n'kutseka ndi simenti yosakaniza ndi mchenga, muyeso umodzi kwa inayi.

Simenti itauma tinayesa ndi paipi ya madzi, amalume ali m'kati. Ndinayambira padenga, kenako pa fulashing'i, pomaliza pakhoma pamwamba pa mng'alu, malo aliwonse mphindi zingapo. Mukathira ponseponse nthawi imodzi, kukadontha simudziwa polowera. Kumapeto kwa khoma kunatuluka chinyezi, chifukwa madzi ankazungulira m'mbali, ndiye ndinapindira nsonga ya lata pansi kuphimba thabwa la m'mphepete, n'kuthiranso madzi. Amalume anakuwa kuti kwauma.